Mwana ayambe wamva liwu la lembo, kuimba alifabeti kubwere pambuyo

Chaka cha sukulu chikangoyamba, m'misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi kuno ku Angonia, ku Tsangano ndi ku Makanga mumabuka mkangano womwewomwewo. Makolo amadandaula kuti ana a kalasi yoyamba akubwera kunyumba makope ali mbee, koma akungosisita pamimba n'kumati "mmm", kapena kufinya chinthu chosaoneka n'kumati "fff". Amafunsa ngati kusukulu tsopano kwasanduka kumasanje. Aphunzitsi ena a zaka zambiri pantchito nawo amagwirizana ndi makolowo, akuti ife tonse tinaphunzira ndi ba be bi bo bu ndipo sitinafe nazo. Ine ndili mbali ya mphunzitsi amene akuchititsa ana "mmm" uja. Mwana woyamba kuwerenga aziphunzitsidwa kaye liwu la lembo lililonse pogwiritsa ntchito chinthu chimene angachigwire ndi kachitidwe kena ka thupi, ndipo akangodziwa maliwu awiri kapena atatu ayambe pomwepo kuwaphatikiza kukhala mawu aafupi a malembo atatu a m'chilankhulo chake, monga ana, ufa ndi ima. Mbali yachiwiriyi, yophatikiza msanga, ndiyo imapangitsa kuti njirayi ikhale sukulu osati sewero, ndipo ndi imene otsutsa ndi ochirikiza omwe amakonda kuiiwala.

Tiyambe ndi makolo, chifukwa dandaulo lawo lili ndi maziko. Iwo anagula kope ndi pensulo ndi ndalama za mbatata, ndiye akufuna kuona umboni. Umboni umene anazolowera ndi mwana woimba alifabeti kuyambira a mpaka z ndi tsamba lodzaza malembo okopera pabolodi. Vuto ndi lakuti zimene mwana amaimbazo ndi maina a malembo, ndipo maina sawerengetsa. M'sukulu zathu maina amenewa amatchulidwa m'Chipwitikizi: lembo f ndi efe, n ndi ene, m ndi eme. Tsono mpatseni mwana amene waloweza mainawa mawu oti ufa. Akatsatira mokhulupirika zimene wauzidwa, atchula u, efe, a, ndipo akathamangitsa kamwa atulutsa "uefea", chinthu chimene kulibe m'nyumba ya munthu aliyense. Mwana wochenjera amadzazindikira yekha kuti pa efe ayenera kutayapo e woyamba ndi e womaliza n'kutsala ndi mpweya wa pakatiwo. Ambiri sazindikira, ndipo ndi amene amafika kalasi yachitatu akukopera bwino ndi dzanja lokongola koma osawerenga ngakhale chimodzi cha zimene alemba. Mwana amene waphunzitsidwa kuti lembo ili limati "fff" alibe choti ataye. Amati uuu, fff, aaa, ndipo khutu lake limamuuza kuti watchula chimene amayi amakandira nsima. Maina a malembo adzafunika ndithu, makamaka potchulira wina kalembedwe ka dzina, koma angathe kudikira miyezi ingapo osaononga kanthu.

Nanga chinthu ndi kachitidwe ka thupi zikulowa pati? Liwu limodzi lokha, lopanda mnzake, ndi chinthu chachilendo kwa mwana wa zaka 6. Iye chibadwire amamva mawu athunthu, madzi, mango, moto, ndipo sanaganizepo kuti onsewa amayamba mofanana. Akagwira mango m'manja, mphunzitsi n'kutchula "mmmango" akukoka chiyambicho, mwana amapeza pogwira. Akasisita pamimba ngati wadya chokoma n'kumati "mmm", liwulo limakhala ndi pokhala m'thupi mwake, ndipo mawa akaona lembolo n'kuiwala, dzanja limamukumbutsa. Zimenezi zili ngati dzanja la mkulu wake logwira kaliyala pamene mwana akuphunzira njinga: limafunika masiku oyamba, koma cholinga chake n'chakuti lichokepo. Apa ndiyenera kunena mosabisa kuti umboni waukulu wa akatswiri uli pa kuphunzitsa maliwu mwadongosolo ndi kuwaphatikiza, osati pa kuvina. Ku Mangalande, lipoti la boma la 2006 lotsogozedwa ndi Jim Rose linalimbikitsa zimenezo. Pa nkhani ya zithunzi, kafukufuku wa Linnea Ehri ndi anzake wa 1984 ku Amereka anapeza kuti chithunzi chimathandiza kwambiri ngati maonekedwe a lembolo ali m'chithunzimo, osati chithunzi chongoikidwa pambali. Kwa ife zikutanthauza kuti uta wopindika, umene ukaugoneka chagada umaoneka ngati u, ndi chida chabwino kuposa chithunzi cha udzu, ndipo lamba wolendewera pa msomali ndi l weniweni.

Kuti tisakangane za m'malere, nayi milungu iwiri yoyamba monga ingayendere m'kalasi. Tsiku loyamba ndi la a. Ana ayasamula kukamwa monga amachitira kuchipatala namwino akafuna kuona pakhosi, n'kumati "aaa". Mphunzitsi alemba a wamkulu bwino pa katoni, ana amujambula m'mwamba ndi chala, kenako panja pamchenga. Tsiku lachiwiri ndi la n. Mphunzitsi abwera ndi nanazi kapena chithunzi chake, atchula "nnnanazi", ndipo ana aika chala pamphuno kuti amve kunjenjemera pamene lilime lili kuseri kwa mano a m'mwamba. Tsiku lachitatu palibe lembo latsopano. Ana awiri aima kutsogolo motalikirana, wina wanyamula n wina a, ndipo akamayandikirana kalasi ikukoka liwu osadula mpweya, "nnnaaa", mpaka agundana mapewa ndipo kalasi yati "na". Mwana wachitatu abwera ndi a wina n'kuima koyambirira. Kalasi ikoka "aaannnaaa", ifulumiza, ndipo wina afuula kuti ana! Patangopita masiku atatu, ndi malembo awiri okha, mwana wawerenga mawu enieni. Tsiku lachinayi abwera i, ana akumwetulira mano pamtunda, ndipo lachisanu ndi lobwereza, kusintha a woyamba uja kukhala i kuti ana asanduke ina.

Mlungu wachiwiri ubweretsa m ndi mango, u ndi uta kapena ufa wa m'mbale, f ndi fupa, ana akufinya tayala la njinga lophwa n'kumati "fff", kenako e. Malembo akwana asanu ndi awiri, ndipo mawu a malembo atatu amene akutuluka ndi ochuluka kale: ana, ina, ena, ine, inu, ife, ima, uma, una, ufa. Mphunzitsi akalemba ima pabolodi osatchula kanthu, ana amene awerengadi aimirira okha, ndipo pamenepo aliyense waona kuti kuwerenga ndi kumva uthenga. Onani kuti malembo onse oyambawa ndi amene liwu lake limakokeka. Munthu angathe kunena mmm, nnn, fff, sss kapena lll kwa nthawi yaitali osaonjezapo kanthu. Maliwu a k, t, p, b ndi d ndi ophulika, amatha nthawi yomweyo, ndiye ndi bwino abwere ana atazolowera kale kuphatikiza. Anzathu a kutsidya kwa malire ku Malawi amadziwa mndandanda wa malembo wotchedwa anikumeto, umene nawo umayamba ndi a, n ndi i. Mndandanda ungasiyane pang'ono, koma mfundo yake ndi imodzi: malembo sayenda motsata alifabeti, amayenda motsata mawu amene angapangidwe nawo msanga.

Tsopano tifike pa aphunzitsi akale, amene mfundo yawo ndi yolemera kuposa ya makolo. Iwo amati Chinyanja ndi chilankhulo cha maphatikizo. Mawu athu onse amathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo mwana akawomba m'manja potchula dzina lake amamva maphatikizo, samva malembo. Amaonjeza kuti lembo ngati k silitchulika lokha, ukayesa umapezeka wanena ku kapena ka. N'chifukwa chiyani tsono tivutitse mwana ndi tizidutswa timene kamwa yake siitidziwa? Pa mfundo yoyamba akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake m'phunziro la tsiku lachitatu lija ana anapanga kaye na asanafike pa ana. Phatikizo silikuthamangitsidwa m'kalasi. Funso ndi lakuti mwana alilandire bwanji, ngati chinthu choloweza kapena chinthu chimene wamanga yekha. Malembo 15 okha, lililonse ndi banja lake la maphatikizo asanu, ndi maphatikizo 75, tisanafike pa mba, nkha, tsa, dzwa ndi anzawo osawerengeka. Mwana woloweza ayenera kusunga chithunzi cha lililonse. Mwana wodziwa maliwu 20 amapanga onse 75 aja, ndipo akakumana ndi limene sanalionepo amalitulukira. Palinso chizindikiro chimene mphunzitsi aliyense woona mtima anachionapo. Kalasi imaimba ma me mi mo mu mokweza mpaka ofesi ya ahedi kumva, koma mukaloza mo yekha, mwana amayamba chapansipansi kuchokera pa ma, akuwerenga zala, mpaka afike pachinayi. Ameneyo wadziwa nyimbo ndi malo a mo pamzere. Sanadziwe kuti o ndi amene akusiyanitsa mo ndi mu.

Pa mfundo yachiwiri, yakuti maliwu ena satchulika okha, ndikuvomera kuti ngozi ilipo, koma ngoziyo ili pakamwa pa mphunzitsi. Ambiri a ife tikafuna kutchula n timati "ni" kapena "nu", f timati "fu", chifukwa kamwa ya Mnyanja simakonda kutseka mawu popanda kuwathira kenakake kumapeto. Mwana akaphunzira kuti lembo lija ndi fu, adzawerenga ife ngati "ifue", ndipo mphunzitsi adzati njira yatsopanoyi n'njachabe. Mankhwala ake ndi kuyeserera. Mphunzitsi atchule ufa pang'onopang'ono n'kuima mano akadali pamlomo wa m'munsi, ndiye liwu limenelo. Pa k, t ndi p, atchule monong'ona, mwachidule, kapena asawasiye okha n'komwe: aike kamwa pamalo a k n'kulumphira pa lembo lotsatira, monga mu ika, ako, uko, uta ndi apa. Kalasi yonse ikamafuula liwu, kalembo koonjezera kaja kamabwera mosapeneka, choncho maliwu ophulika azitchulidwa motsitsa.

Chotsutsa chachitatu chimachokera kwa anthu ophunzira, ndipo amachinena m'njira ziwiri. Ena amati nkhani ya mawu a malembo atatu ndi ya Chingelezi, yangobwera ndi mabungwe. Ena amati mwana wa ku Mozambiki adzalemba mayeso m'Chipwitikizi, ndiye kutaya nthawi ndi ufa ndi ana ndi kumuchedwetsa. Oyambawo akulondola theka. Ku Mangalande ana amayamba ndi malembo s, a, t, p, i, n chifukwa amapanga mawu ngati sat ndi pin, amene amatseka ndi lembo losakhala limodzi la asanu aja, a, e, i, o ndi u. Mawu otere m'Chinyanja mulibe, ndipo wokopera njirayo osaisintha amasokoneza ana. Kumeneko s amaphunzitsidwa ndi dzanja loyenda ngati njoka chifukwa dzina la njoka m'chilankhulo chawo limayamba ndi s. Mwana wa ku Domwe akaona dzanja limenelo anena kuti njoka, ndipo s sakumvekamo. Koma kulakwa kwa wokopera sikupha mfundo. Mawu athu a malembo atatu alipo, amangomangidwa mosiyana, lembo limodzi pakati pa awiri a asanu aja. Ndipo ndi mawu amene mwana amawanena tsiku lonse: ine, iwe, uyu, awa, apa, ali, ona, uza.

A Chipwitikizi aja ndiwayankhe motere. Chigawo chathu cha Tete si chachilendo pa nkhaniyi. Boma litayesa koyamba kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, kuyambira 1993 mpaka 1997, linasankha Chinyanja kuno ku Tete ndi Chishangana ku Gaza, ndipo kuyambira 2003 maphunziro otere analowa m'sukulu zina za boma. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kuphatikiza maliwu kumatha pamene mwana wazindikira mawu amene watulutsa. Akakoka "uuufffaaa" n'kumva ufa, amadziwa yekha kuti wakhoza. Akakoka mawu a chilankhulo chimene sachimva, alibe chomuuza ngati wafika kapena ayi. Komanso malembo a Chinyanja sasinthasintha liwu kwenikweni, pamene m'Chipwitikizi mawu aafupi omwe ali ndi misampha: mu ovo, o womaliza amamveka u, ndipo mu asa, s amamveka z. Luso lophatikiza limaphunziridwa kamodzi, ndipo mwana amawoloka nalo. Kunena zoona, ndi pa Chipwitikizi pomwe woloweza maphatikizo amagwa kwambiri. Mupatseni sal kapena sol. Awerenga sa, kenako aima, chifukwa l wotsala yekhayo alibe banja, mapeto ake anena sali kapena solu. Amene anaphunzira "lll" ndi lamba uja amangomaliza.

Ngakhale m'sukulu zophunzitsa m'Chipwitikizi chokha, zimene ndi zambiri, mphunzitsi achenjere ndi zithunzi za m'mabuku ndi zapakhoma. Chithunzi cha nkhuku chili pafupi ndi lembo g chifukwa wolemba bukulo amaganiza za dzina la nkhuku la Chipwitikizi. Mwana akuona nkhuku, ndipo m'mutu mwake akugwirizanitsa g ndi mawu oyamba ndi nkh. Chinthu chothandizira chasanduka chosokoneza. M'Chinyanja momwemo kusankha chinthu kumafuna khutu. Khasu si chida cha k, thumba si cha t, phala si la p, chifukwa kh, th ndi ph ndi maliwu ena, a mpweya, amene amasiyanitsa mawu ngati pala ndi phala. Nyemba si za n, ndipo mbuzi imabisa m m'kati mwa liwu lotsatira. Kapu, tomato, poto, sopo ndi moto ndi zimene zimayamba ndi liwu loyera. Malembo asanu aja ali ndi vuto lina, lakuti zinthu zogwirika zoyamba ndi e, i kapena o n'zosowa m'chilankhulo chathu. Pamenepo kachitidwe ka thupi kamagwira ntchito yonse: kugwedeza mutu movomera pa "eee", kuzungulitsa milomo modabwa pa "ooo".

Chotsutsa chomaliza ndi cha kuchuluka kwa ana ndi kusowa kwa zipangizo. Amati m'kalasi la ana odzaza mpaka pakhomo, ena atakhala pansi, njira imeneyi ingobala phokoso. Za zipangizo sindichedwapo: katoni yakale, makala, mchenga wa pabwalo ndi zotsekera mabotolo zolembedwa malembo n'zokwanira. Za kuchuluka, ndikuona kuti kachitidwe ka thupi kamathandiza kalasi lalikulu kuposa laling'ono. Ana akamayankha ndi pakamwa onse pamodzi, asanu odziwa amatsogolera ndipo ena onse amatsatira kamphindi pambuyo, khutu silingawasiyanitse. Mphunzitsi akakweza lembo f n'kunena kuti chitani osalankhula, maso ake amaona nthawi yomweyo manja amene afinya tayala, amene akusisita pamimba, ndi amene akudikira kuti aonere kwa mnzawo.

Koma pamenepa ndi pomwenso njirayi imafera ikagwiridwa mwaulesi, ndipo otsutsa akaloza makalasi otere sindingawatsutse. Pali aphunzitsi amene amakondwa ndi chisangalalo cha ana n'kutha temu yonse akuyenda lembo ndi lembo, aliyense ndi kavinidwe kake, akuti kuphatikiza kudzabwera malembo akatha onse. Ana otere amadziwa kuti akamva "mmm" asisite pamimba, koma maso awo ali pa mphunzitsi, lembolo sanaliyang'ane. Njira yoyenera imachokera ku lembo kupita ku liwu: mwana aone m, atchule, dzanja lingomuthandiza akakakamira. Pa phunziro la mphindi 45, chinthu ndi kachitidwe zisapitirire mphindi khumi. Nthawi yotsalayo ipite ku kulemba lembolo, kuphatikiza, ndi kutembenuza ntchito, mphunzitsi kutchula ife, ana n'kusanja malembo atatu pansi. Lembo likakhala m'kalasi mlungu umodzi kapena iwiri, ana aziyankha manja atapinda.

Kholo limene likukayika lingathe kuyesa lokha madzulo ano, ngakhale kope lili loyera. Funsani mwana malembo amene aphunzira, muwalembe ndi khala pa tizidutswa ta katoni. Muonetseni limodzilimodzi mosatsata dongosolo, inu manja ali chete. Kenako sanjani ana, ndipo akawerenga chotsani lembo loyamba muike i. Akanenanso kuti ana, waloweza maonekedwe a mawuwo. Akatchula i, n, a bwinobwino koma osatulutsa ina, akudula mpweya pakati, ndiye muyendetse chala pansi pa malembo kuti akoke liwu osaima. Akati "inia" kapena "inua", kusukulu akuthira kalembo kumapeto kwa n, ndipo ndi nkhani yokaifotokoza kwa aphunzitsi mwaulemu. Akawerenga ina, sinthani lembo lomaliza kukhala e, kenako lapakati kukhala f, muone ngati afika pa ine ndi ife.